Podziwitsa mlendo wodzaphunzitsa, sivi yonse isiyeni m'chikwama

Mphunzitsi wa pa yunivesite akaitana katswiri wa kunja kwa sukuluyo kuti adzayankhule ndi ophunzira ake, ntchito yomudziwitsa mlendoyo imaoneka yaing'ono moti ambiri amaikumbukira ali kale pakhomo la kalasi. Ndiye amangotenga sivi, chikalata chija chofotokoza sukulu zimene munthu anapitako ndi ntchito zimene wagwira, n'kuyamba kuwerenga kuchokera pamwamba. Sekondale yakuti, dipuloma chaka chakuti, digiri yoyamba, digiri yachiwiri, misonkhano ya kunja, makomiti osawerengeka. Pofika tsamba lachiwiri a kumbuyo atulutsa mafoni, mlendo naye wangoti zyoli, maso pa nsapato zake.

Ophunzira sakhala akudzifunsa kuti munthuyu ndi wamkulu bwanji. Amadziwa kuti simungawaitanire munthu wamba. Funso lawo ndi lakuti, kodi zimene anene lerozi zikukhudza chiyani pa kosi yathu, ndipo ndilembe kapena ndingomvetsera? Mukayankha funso limeneli m'mphindi imodzi ndi theka, mwamaliza ntchito yanu. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma wolandira mlendo ndiye ayenera kuuza anthu kuti kalumoko kabwera kudzameta pati.

Kuti zimveke, titenge nkhani imodzi n'kuyenda nayo mpaka kumapeto. Tiyerekeze kuti mumaphunzitsa ulangizi wa zaulimi kwa ophunzira a chaka chachitatu, ngati aja a ku Bunda. Mwabwera nawo ku Dedza kwa sabata imodzi, ndipo mawa akukacheza ndi alimi a mbatatesi ku Bembeke, kenako adzalemba lipoti lofotokoza chifukwa chimene alimi ena amatsatira malangizo a kasankhidwe ka mbewu pomwe ena satsatira. Madzulo ano mwaitana mayi wina amene wagwira ntchito ndi alimi a mbatatesi kwa zaka zambiri m'madera okwera a Dedza ndi Ntcheu. Tiwatche Mayi Uje. Akutumizirani sivi ya masamba anayi, ndipo nthawi yonse imene muli nayo ndi ola limodzi.

Yambirani pa kosi yanu, osati pa mlendo

Sivi ija musaitsegule kaye. Tengani ndondomeko ya kosi yanu muone pamene mwafika, kenako lembani chiganizo chimodzi chonena chimene ophunzira anu akuvutika nacho pakali pano, chimene inu simungathe kuwapatsa bwino ngati mmene mlendoyu angachitire. Chiganizocho chikhale cholunjika. Mukalemba kuti "adzaphunzira zambiri za ulimi wa mbatatesi" simunalembe kanthu, chifukwa mawu amenewo angagwire pa mlendo wina aliyense. Koma mukalemba kuti "sabata yatha tinaphunzira zifukwa zimene alimi amakanira njira zatsopano, ndipo mawa ophunzira afunika kufunsa mlimi komwe amatenga mbewu yake popanda kumuchititsa manyazi," ndiye kuti mwapeza poyambira.

Chiganizo chimenechi chikakanika kutuluka, vuto silili pa mawu odziwitsa mlendo. Vuto ndi lakuti simunadziwe bwino chimene mwamuitanira, ndipo ndi bwino kuzindikira zimenezi kudakali masiku kusiyana ndi kuzizindikira mutaima kutsogolo.

Imbani foni kudakali masiku atatu kapena anayi

Apa ndi pamene ambiri amadumpha, chonsecho ndi pamene pamachokera zonse zokoma. Musangolemberana mauthenga, imbani, chifukwa munthu akamayankhula amatulutsa zinthu zimene sangazilembe pa sivi. Mphindi khumi zimakwana.

Choyamba auzeni za ophunzira: chaka chimene ali, zimene aphunzira kale, ndi ntchito imene akukagwira mawa lake. Alendo ambiri amabwera ndi nkhani imene anakonzera msonkhano wa akuluakulu a boma kapena a mabungwe, ndipo ngati simuwauza, adzaitsanulira pa ophunzira mmene ilili. Kenako afunseni kuti akonza kulankhula chiyani kwenikweni, ndipo musakhutire ndi mutu wokha. Mutu ungakhale "mavuto a mbewu ya mbatatesi," koma inu mukufuna kudziwa ngati alankhule za matenda, za mitengo ya mbewu, kapena za khalidwe la alimi.

Funso lachitatu ndilo lofunika kwambiri: "Mayi, pa zaka zonse mwagwira ntchito ndi alimiwa, n'chiyani chimene munachiona m'munda chimene sichikugwirizana ndi zimene tinaphunzira m'kalasi?" Mukafunsa choncho, khalani chete, asiyeni aganize. Tiyerekeze kuti Mayi Uje ayankha kuti alimi ambiri amadziwa ndithu kuti matenda ofotetsa mbatatesi amayenda ndi mbewu, koma amagulitsa mbatatesi zikuluzikulu pa Lizulu kapena kwa mavenda obwera ndi malole, n'kusunga timbatatesi ting'onoting'ono totsala kuti tikhale mbewu, chifukwa pa nthawi yokolola ndalama ya fizi ndi feteleza ndi imene imalamula. Ndiye kuti vuto si umbuli. Yankho limeneli likugunda penipeni pa phunziro lanu la sabata yatha, ndipo simukanalipeza pa tsamba lililonse mwa masamba anayi aja.

Koma chenjerani: zimene mwamvazi si zoti mukazinene inu. Ndi chuma cha mlendo. Inu mudzangolozako chala kuti pali kanthu kakubwera. Musanadule foni, afunseni ngati pali china chimene akufuna kuti chitchulidwe, ndiponso chimene sakufuna kuti chitchulidwe. Ena anachoka pa ntchito ina mosakoma, ena akubwera mwa iwo okha osati m'dzina la ofesi yawo, ndipo mukatchula ofesiyo ndiye kuti mwawamanga pakamwa.

Dzina ndi ulemu wake

Pa foni yomweyo funsani mmene akufuna kutchulidwira. Musaganizire. Munthu amene ali ndi digiri ya udokotala mukamutcha "Mayi" basi pamaso pa ophunzira, ena zimawawawa ngakhale sanena, makamaka amayi, amene kawirikawiri udindo wawo umaiwalika pomwe wa abambo sukuiwalika. Winanso mukamukweza kukhala Dokotala kapena Pulofesa asali, mwamupatsa ntchito yoti ayambe nkhani yake ndi kukukonzani, kapena akhale chete n'kumaoneka ngati wavomera ulemu wabodza. Kuno kwathu ku Dedza ndi ku Ntcheu alipo akuluakulu amene amakondwa kwambiri mukawatchula ndi mfunda wawo kuposa ndi digiri, makamaka ngati m'chipindamo muli alimi amene amawadziwa ndi mfundawo. Zonsezi mwini wake ndiye anganene. Dzina ngati ndi lachilendo kwa inu, apempheni alitchule, mulibwereze iwo akumva, ndipo mulilembe mmene likumvekera.

Tsopano tsegulani sivi, cholembera chili m'manja

Werengani mzere uliwonse n'kudzifunsa kuti, kodi wophunzira akamva ichi, amvetsera nkhani ya lero mosiyana? Ngati yankho ndi ayi, dulani. Simukuyesa kukula kwa zimene munthu wachita. Mukuyesa kuyandikira kwake ku nkhani ya lero.

Tione za Mayi Uje. Sivi ikuti anaphunzira sekondale yakuti: dulani. Ali ndi dipuloma ya zaulimi, digiri yoyamba ndi yachiwiri: pa zitatuzi sungani imodzi yokha, ndipo muisunge ngati kafukufuku wake anali wa mbatatesi kapena wa ulangizi. Ngati digiri yachiwiri inali ya kayendetsedwe ka bizinesi, ngakhale ndi yapamwamba, lero ilibe ntchito. Anakhalapo pa bodi ya sukulu ina, ndi msungichuma wa bungwe la amayi ku mpingo, anapita ku misonkhano khumi ndi iwiri: zonsezi ndi zabwino, koma dulani. Ndiye pansi penipeni pa tsamba lachitatu pali kamzere kakuti anayamba ntchito ngati mlangizi wa kumudzi, ndipo anakhala zaka zingapo akuphunzitsa magulu a alimi kusankha mbewu m'munda momwemo, pokhoma tizikhomo pa mapando athanzi kuti adzakumbidwe padera. Kamzere kameneka, kamene mwini wake anakaika kumapeto poganiza kuti n'kakang'ono, ndiko kofunika kuposa zonse kwa ophunzira amene mawa akukaima m'munda wa mlimi.

Izi zimachitika kawirikawiri. Sivi imalembedwa pofuna ntchito kapena kukwezedwa, choncho imaika patsogolo maudindo aposachedwa ndi akuluakulu. Ophunzira amafuna zosiyana: amafuna kudziwa kuti munthuyu anagwirapo ndi manja ake chinthu chimene iwo akuchiwerenga m'buku. Pamapeto pake mutsale ndi mfundo ziwiri, zikachuluka zitatu. Imodzi inene ntchito imene akugwira pano, kuti ophunzira adziwe komwe akuyankhulira. Inayo inene chimene chikumupatsa mphamvu zolankhula pa mutu wa lero. Yachitatu muiike pokhapokha ngati ikumanga ubale, monga ngati mlendoyo anaphunzira kosi yomweyi pa sukulu yomweyi. Ophunzira akamva kuti mayi awa anakhalapo pa mipando ngati yawoyi, amadzuka.

Onetsetsaninso kuti sivi si yakale. Anthu amatumiza imene ili pafupi, ndipo mutha kulengeza udindo umene munthu anausiya zaka ziwiri zapitazo.

Kalumikizidwe kake

Ndondomeko imene imagwira bwino ndi yoyamba ndi ophunzira, kenako vuto, kenako mlendo, n'kumaliza ndi chimene ophunzira achite. Yambani ndi pamene kalasi yafika, chifukwa anthu amatchera khutu akamva za iwo eni. Tchulani funso limene latsala losayankhidwa. Mukatero mlendo amalowa ngati yankho la funsolo, osati ngati mwambo umene tiyenera kuupirira. Dzina lake lathunthu limveke bwino kumapeto, kuti likhale chizindikiro choombera m'manja.

Nawa mawu amene mungawanene madzulo amenewo ku Dedza:

"Sabata yatha tinakambirana chifukwa chimene mlimi amatha kumva malangizo, kuwavomereza, koma osawatsatira. Ambiri mwa inu munati vuto ndi kusadziwa. Mawa m'mawa mukhala m'minda ya mbatatesi, mukufunsa alimi komwe amatenga mbewu, ndipo zimene akuyankheni ndi zimene zilowe mu lipoti lanu. Mlendo wathu wafunsa funso limeneli kwa zaka zambiri. Anayamba ngati mlangizi wa kumudzi, akuphunzitsa alimi kusankha mbewu m'munda momwemo, ndipo pano akuyang'anira ntchito yochulukitsa mbewu ya mbatatesi m'madera a Dedza ndi Ntcheu. Nditacheza nawo pa foni anandiuza chinthu chimene chikutsutsa yankho lanu lija, koma ndisawalande nkhani. Pomvetsera, lembani mafunso awiri amene mukawafunse alimi mawa, amene simunawaganizire. Alankhula kwa mphindi 40, kenako mpata wa mafunso ndi wanu. Tiwalandire Mayi Uje."

Mawu amenewa sakufika 150, ndipo mukawanena modekha satha mphindi ziwiri. Onani zimene achita. Za mlendo zatenga ziganizo zitatu zokha, komabe palibe wophunzira angakayike kuti mayiwa akudziwa zimene akunena. Lipoti latchulidwa, ndiye aliyense wadziwa kuti pali malikisi. Ophunzira apatsidwa ntchito yoti achite akumvetsera, ndipo ntchitoyo ndi yaing'ono, yotheka. Nthawi yatchulidwa poyera, zimene zimathandiza mlendo kudzigwira popanda inu kumukodola pakati pa nkhani. Ndipo pali kachidwi kamene kasiyidwa dala: chinthu chija chotsutsa yankho lathu n'chiyani?

Za chiyankhulo, tsatirani chimene mlendo alankhulire. Ku yunivesite timaphunzitsa m'Chingerezi, ndipo ngati muli m'kalasi, mawu omwewa muwanena m'Chingerezi, kamangidwe kake sikasintha. Koma pa ulendo ngati uwu, ngati mwaitananso alimi otsogola awiri atatu kuti akhale nawo, lankhulani Chichewa, ndipo mugwirizane ndi mlendo pasadakhale. Si bwino kuti inu mutsegule m'Chingerezi cholemera, mlendo n'kumaona ngati akatsikira ku Chichewa adzichotsa ulemu.

Nanga ulemu?

Apa ndi pamene pagona nkhawa yeniyeni, ndipo si yopepuka. Kwathu kuno munthu wamkulu sitimulandira mothamanga. Tinazolowera kuti pa msonkhano, wotsogolera mwambo amatchula aliyense ndi udindo wake, kuyambira kwa a mfumu mpaka kwa a komiti. Ndiye mphunzitsi wachinyamata amene waitana munthu woti angakhale mayi ake amaopa kuti akadula sivi, mlendo aganiza kuti wapeputsidwa. Kuwerenga zonse kumaoneka ngati njira yosalakwa.

Ine ndimaona kuti ulemuwo timauika pamalo polakwika. Kuwerenga sivi sikufuna kukonzeka kulikonse; ngakhale munthu amene wakumana ndi mlendoyo pakhomo angathe. Mlendo amazindikira zimenezi, makamaka mukamapunthwa pa mayina a mabungwe amene simunawamvepo. Koma akamva mukutchula ntchito imene anaigwira ali wachitsikana ku midzi, imene aliyense anaiwala, n'kunena chifukwa chimene ili yofunika kwa ophunzira awa lero, amadziwa kuti munakhala pansi n'kumuganizira. Komanso mphindi zisanu ndi ziwiri zimene mukanathera pa masamba anayi zija zimachotsedwa pa nthawi yake yolankhula kapena pa mafunso a ophunzira. Munthu wachoka ku Ntcheu, wakwera minibasi kapena wawotcha mafuta ake, ndiye inu mum'dyere nthawi pomuuza mbiri yake yomwe?

Ulemu wina uchitike kunja kwa mawuwa. Mukawachingamire pa galimoto, muwapatse moni wokwanira, muwafunse za kunyumba ndi za ulendo, muwapatse madzi kapena tiyi, chifukwa kuzizira kwa ku Dedza madzulo sikuona udindo. Ndipo muwauziretu pa foni paja kuti, "Mayi, pokudziwitsani sindiwerenga mbiri yanu yonse. Nditchula ziwiri zitatu zokhudza phunziro lathu kuti nthawi yambiri ikhale yanu. Mbiri yonse ndiwatumizira ophunzira pa gulu lawo la WhatsApp." Anthu ambiri amamasuka akamva zimenezi. Koma musanatumize sivi kwa ophunzira, pemphani chilolezo, ndipo muchotse nambala ya foni, tsiku lobadwa ndi mayina a anthu owachitira umboni. Chabwino koposa ndi kulemba ndime imodzi yachidule m'malo motumiza chikalata chonse.

Mukakumana ndi mlendo amene mukuona kuti maudindo ake amawakonda kwambiri, musalimbane naye. Onjezani chiganizo chimodzi chonena kuti mbiri yawo ndi yaitali, yoti ingatenge ola lonse, ndipo ophunzira ailandira kale. Mukatero mwavomereza kuti ilipo popanda kuiwerenga.

Ngati m'chipindamo muli ena oyenera ulemu, monga a gulupu a m'deralo, mkulu wa nthambi yanu kapena mkulu wa zaulimi, apatseni ulemu wawo poyamba, mwachidule, musanayambe mawu odziwitsa mlendo. Zinthu ziwirizi musaziphatikize. Malonje akatha, pumani pang'ono, tembenukirani kwa ophunzira, ndiye muyambe ndi "Sabata yatha" uja.

Pa tsikulo

Mawu anu muwalembe, muwayeserere mokweza kamodzi kapena kawiri mukuyang'ana wotchi, koma kutsogolo musakawerenge. Pa kapepala kakang'ono lembani dzina, udindo ndi mfundo ziwiri zija, basi. Pulojekita ndi chimkuzamawu ziyesedwe anthu asanakhale pansi, chifukwa mawu abwino amafa ngati mutangoti "tiwalandire" pakutsatira mphindi zisanu zosakasaka chingwe. Dikirani phokoso lithe musanayambe. Polankhula yang'anani ophunzira, osati mlendo. Kwa mlendo mutembenukire pokhapo potchula dzina lake. Mukatero yambitsani kuomba m'manja, mukhale pansi pamalo pamene mlendo angakuoneni, ndipo foni yanu ilowe m'thumba. Ophunzira amaonera inu. Mukamalemba notsi, nawonso alemba.

Zimene zimalakwika ngakhale sivi mwaisiya

Cholakwika chachikulu ndi kulanda nkhani. Mphunzitsi wasangalala ndi zimene anamva pa foni, ndiye akuyamba kufotokoza yekha za timbatatesi ting'onoting'ono, za mavenda, mwina mpaka za kayezedwe ka matenda ofotetsa, kuti ukadula tsinde n'kuliviika m'tambula ya madzi oyera pamatuluka timizere toyera ngati mkaka. Zonsezo n'zoona, koma mwina mayiwo anabweretsa tsinde ndi tambula m'chikwama kuti aonetse ophunzira ndi maso. Chizindikiro chake mudzachimva pa mawu oyamba a mlendo: akayamba ndi "monga anenera kale aphunzitsi anu," dziwani kuti munalowa m'munda mwake.

Chachiwiri ndi kutamanda kopitirira. Mukanena kuti palibe wina m'Malawi muno wodziwa mbatatesi kuposa mayi awa, mwawasenzetsa katundu. Ayamba ndi kudzichepetsa ndi kukana, ndipo ophunzira a chaka chachitatu, amene kukayikira ndi ntchito yawo, akhala akudikira pamene apunthwe. Nenani zimene anachita, ophunzira adziweruzire okha.

Chachitatu ndi kulumikiza mokakamiza kapena monama. Kunena kuti "izi zibwera pa mayeso" kumadzutsa aliyense, koma ngati si zoona, ulendo wina sadzakukhulupirirani. Ndipo ngakhale zili zoona, kuopseza ndi mayeso kumachititsa ophunzira kulemba liwu lililonse osaganiza, n'kusowa funso pamapeto. Ndi bwino kutchula ntchito yeniyeni, monga lipoti kapena ulendo wa mawa, n'kunena mbali imene nkhaniyi ithandize. Momwemonso musalonjeze zimene mlendo sanakonze. Mukalengeza kuti afotokoza kathiridwe ka mankhwala a chiwawu pomwe iwo akonza za kasankhidwe ka mbewu, ophunzira atuluka akuti sanamalize.

Nthabwala za ubwenzi wanu ndi mlendo, zoti munkagona chipinda chimodzi ku koleji kapena munkakonda malo akuti, zisungireni nthawi ya tiyi.

Njira yodziwira ngati mawu anu anagwira ndi nthawi ya mafunso. Ngati funso loyamba ndi lakuti "Mayi, munatani kuti mupeze mwayi wokaphunzira kunja?" ndiye kuti ophunzira anamva mbiri, osati phunziro. Koma wina akaimirira n'kufunsa kuti, "Mawa mlimi akandiuza kuti mbewu anagula pa msika, ndimufunse chiyani chotsatira kuti asaone ngati ndikumuweruza?" ndiye kuti ulalo unamangika.

Pamene mlendo si wa masukulu, ndi pamene mwambo ndi waukulu

Njira imeneyi imathandiza kwambiri ngati mlendo alibe sivi n'komwe. Tinene kuti ophunzira a mbiri yakale abwera kudzaona zojambula za pa miyala ku Chongoni, malo amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Mwaitana gogo wina wa m'deralo amene amadziwa za miyambo yokhudzana ndi zojambula zoyera zija. Mukanazolowera kudalira madigiri, apa mukanasowa chonena, ndipo mukanayamba ndi kupepesa kuti agogowa sanapite patali ndi sukulu, komwe ndi kunyoza. Koma mukayamba ndi kosi, zimayenda zokha: m'kalasi tawerenga kuti zojambula zofiira amati n'za Akafula ndipo zoyera n'za Achewa, zokhudza chinamwali ndi Nyau, funso limene mabuku sakutiyankha bwino ndi lakuti anthu okhala pafupi ndi mapangawa amawaona bwanji lero, agogo athuwa anabadwira ndi kukulira pompano. Muonjezere kuwachenjeza ophunzira kuti pali zina za mwambo zimene sizinenedwa pagulu, ndipo agogo akakana kuyankha, asaumirire. Chenjezo limeneli ndi mbali ya kulandira mlendo.

Malire a njirayi alipo. Pa mwambo waukulu wa yunivesite yonse, monga pamene pulofesa akupereka nkhani yake yoyamba atakwezedwa, kapena pamene munthu akupatsidwa digiri yaulemu, mbiri yonse imawerengedwa, chifukwa tsikulo ndi la munthuyo. Kumeneko tsatirani mwambo wa sukulu. Tikunena panozi ndi za kalasi, pamene tsiku ndi la phunziro.

Pomaliza, konzekerani kusintha kwa mwadzidzidzi, chifukwa anthu a m'maofesi amaitanidwa ku misonkhano usiku. Zimachitika kuti Mayi Uje alephera ndipo atumiza wachiwiri wawo, mnyamata amene simunamuonepo, amene wafika kutatsala mphindi khumi. Musawerenge mawu amene munakonzera mayi aja n'kungosintha dzina, ndipo musayambe ndi kudandaula kuti amene timayembekezera sanabwere. Mutengereni pambali, mufunse dzina ndi mmene akufuna kutchulidwira, ntchito imene amagwira tsiku ndi tsiku, ndi chinthu chimodzi chimene waona m'minda ya mbatatesi nyengo ino. Theka loyamba la mawu anu, lonena za sabata yatha ndi ulendo wa mawa, likhala momwemo, mapeto akenso chimodzimodzi. Musintha ziganizo za pakati zokha, n'kuchotsa lonjezo lija la chinthu chotsutsa yankho la ophunzira ngati iyeyo sanakonze kulankhulapo.